Mlendo akati sadya tirigu: uthenga wa patebulo ukafike bwanji ku mphika

M'maloji ambiri a m'mphepete mwa nyanja, kuyambira ku Mangochi, kudutsa ku Salima mpaka ku Nkhata Bay, mlendo ndi wophika saonana. Mlendo amakhala pakhonde, wophika ali kuseri pamoto, ndipo pakati pawo pamayenda munthu mmodzi, woperekera zakudya, amene ambiri timangomuti weta. Mlendo amalankhula Chingerezi, mwinanso chopunduka chifukwa nayenso si chakwawo, pomwe kukhitchini kumamveka Chichewa, Chiyao kapena Chitonga. Oda ya chambo ndi tchipisi imadutsa bwinobwino pamenepa. Zimayamba kuvuta mlendo akawonjezera kuti chakudya chake chikhale cha halali, kuti iye ndi vigani, kapena kuti sadya guluteni.

Mawu atatuwa si mayina a zakudya. Ndi mayina a malamulo a kadyedwe, ndipo lamulo lililonse lili ndi zinthu zambiri m'kati mwake. Weta akangonyamula dzinalo n'kukalitula pakhomo la khitchini, wophika amalimasulira yekha malinga ndi zimene akudziwa, ali pakati pa maoda ena khumi. Chimene wophikayo akufuna kumva n'china: mwa zinthu zimene zili pashelefu yake lero, n'ziti zisalowe m'mbale iyi, ndi ziwiya ziti zisaikhudze, ndipo pakalowa kochepa chabe chichitike n'chiyani kwa mlendoyo. Ntchito ya weta ndi kusandutsa dzina lija kukhala mayankho a mafunso amenewa, kenako kubwerera kwa mlendo ndi yankho loona la kukhitchini, ngakhale likhale lakuti sizitheka.

Guluteni ndiye amene amasokoneza kwambiri kwathu kuno, choncho tiyambire pomwepo.

Chimene mlendo akuthawa

Guluteni ndi puloteni wopezeka mu tirigu, balere ndi mbewu ina ya kumayiko ozizira yotchedwa rayi. Ndi iye amene amachititsa kuti fulawa wokandidwa azitamuka, buledi n'kufufuma. M'chimanga mulibe, mu mpunga mulibe, chimodzimodzinso m'chinangwa, mapira, mawere, mbatata, mbatatesi, nthochi ndi nyemba. Kunena zoona, munthu wosadya guluteni akhoza kukhala m'mudzi mwathu chaka chathunthu osavutika, chifukwa nsima, kondowole, futali ndi masamba otendera zonse n'zake. Amadzavutikira ku loji, kumene fulawa amalowa m'malo ambiri osaoneka ndi maso.

Anthu amapewa guluteni pa zifukwa zosiyana, ndipo kusiyana kumeneku ndiko weta ayenera kukugwira poyamba. Ena anangosankha, amati amamva kupepuka m'thupi. Amenewa kachidutswa ka buledi kakagwera m'mbale sikawachita kanthu. Ena ali ndi matenda otchedwa siliyaki, amene amapezeka mwa munthu pafupifupi mmodzi pa anthu 100 alionse m'mayiko amene anafufuzidwa bwino. Kwa iwo, guluteni akafika m'matumbo aang'ono, chitetezo cha m'thupi chimaukira khungu la m'kati mwa matumbowo, n'kuwononga timinofu timene timayamwa chakudya. Zotsatira zake ndi kutsegula m'mimba, kutupa mimba, kufooka, ndipo zikapitirira, kuchepa kwa magazi ndi kuwonda. Dokotala wa ana wa ku Holland, Willem Dicke, ndi amene anatsimikizira kuti tirigu ndiye gwero: pa njala ya 1944 mpaka 1945 buledi atasowa, ana odwala matendawa anayamba kupeza bwino, ndipo buledi atabweranso anadwalanso. Mankhwala ake mpaka lero ndi amodzi, kusiyiratu guluteni moyo wonse.

Kochepa kake n'kochepa zedi. Muyezo umene mayiko ambiri amatsatira, wa bungwe la Codex Alimentarius, umati chakudya chotchedwa chopanda guluteni chisapitirire mamiligalamu 20 pa kilogalamu imodzi. Tiwerengere pa mphika weniweni. Supuni yaikulu ya fulawa imalemera pafupifupi magalamu 8, ndipo pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a fulawayo ndi guluteni. Wophika akathira supuni imodzi yokha mu lita ya msuzi kuti ukhuthale, msuziwo wapitirira muyezo uja kuposa ka 30. Ndipo moto suthandiza. Tizilombo toyambitsa matenda timafa ndi kutentha, koma guluteni ukamuwiritsa kapena kumukazinga amakhalabe guluteni. Mfundo imeneyi ophika ambiri aluso saidziwa, chifukwa maphunziro a ukhondo amene anaphunzira amanena za majeremusi.

Ufa ndi fulawa

Mlendo wotere nthawi zambiri amafotokoza kuti sadya chilichonse chokhala ndi ufa wa tirigu. M'Chingerezi mawu a ufa akatchulidwa okha amatanthauza wa tirigu. Kwathu kuno ufa ndi wa chimanga. Weta akalowa m'khitchini n'kunena kuti "mayi aja sadya ufa," wophika amachita zomveka ndithu: amachotsa nsima, imene inali yabwino kwa mlendoyo, n'kuika sipageti kapena buledi m'malo mwake. Uthenga wafika, koma wafika chozondoka. M'khitchini mawu oyenera ndi fulawa kapena tirigu, ndipo n'kofunika kuwonjezera nthawi yomweyo kuti ufa wa chimanga amadya.

Ngakhale kunena kuti tirigu sikukwanira, popeza munthu akamva tirigu amaganiza za buledi, masikono, mandasi, chapati, samusa ndi mabisiketi. Izi n'zoonekeratu ndipo wophika aliyense azichotsa. Zimene zimapweteka alendo ndi zobisika: fulawa wopaka pa nsomba kapena nkhuku isanakazingidwe, nyenyeswa za buledi zosakaniza mu nyama yogaya, soseji zambiri za m'sitolo, sosi wa soya amene kawirikawiri amapangidwa ndi tirigu, supu wa m'mapaketi, ndi zokometsera zina za ufa kapena za tizibulumwa tosungunulira mu msuzi. Mowa wa m'mabotolo nawo umafulidwa ndi chimera cha balere. Pa zinthu za m'mapaketi palibe kuloza m'mutu, chifukwa mitundu iwiri ya chinthu chimodzimodzi imatha kusiyana. Paketi iwerengedwe, ndipo ngati weta akukayika, aitengere kwa mlendo aiwerenge yekha. Anthu a matendawa amawerenga mapaketi tsiku lililonse ndipo sakhumudwa nazo. Ambiri amasangalala kumene.

Mbale imodzi ya chambo

Tiyerekeze kuti ndi madzulo, loji yadzaza, ndipo mayi wina pa tebulo 4 waitanitsa chambo chokazinga, tchipisi ndi msuzi, n'kunena kuti sadya guluteni. Weta wodziwa ntchito sathamangira kukhitchini. Amafunsa kaye funso limodzi lofatsa: kodi ndi matenda, kapena n'kusankha chabe? Funsoli si lamwano, ngakhale mwa chikhalidwe chathu kufunsa mlendo za m'thupi mwake kumachititsa manyazi. Mayi uja akuti ndi siliyaki. Weta afunsanso ngati pali china chimene sadya, chifukwa ena a matendawa mkaka umawavutanso. Kenako amubwerezera zimene wamva, n'kumuuza kuti akukafunsa wophika asanalonjeze kalikonse.

Kukhitchini sakuwa dzina la matenda ali pakhomo. Amafika pafupi n'kudikira kuti wophika amuyang'ane.

"A shefu, tebulo 4, mayi okhala chakumadzi aja ali ndi matenda, si kusankha ayi. Tirigu, ngakhale kanyenyeswa, amawapweteka m'matumbo. Nsima amadya, mpunga amadya, mbatatesi amadya. Akufuna chambo ndi tchipisi. Chambochi lero mukupaka fulawa?"

"Eya, pang'ono chabe, kuti chisamatirire pa poto."

"Nanga tchipisi mukukazingira m'mafuta ati? Msuzi mwaukhuthalitsa ndi chiyani?"

Mayankho ake ndi akuti mafuta a m'chiwaya ndi omwe anakazingira samusa masana, ndipo mu msuzi muli fulawa ndi chokometsera cha m'paketi. Ndiye kuti pa zinthu zitatu zimene mayi uja waitanitsa, palibe n'chimodzi chomwe chimene angadye monga chilili, ngakhale kuti nsomba, mbatatesi ndi tomato mwa izo zokha zilibe guluteni.

Tchipisi ndi chimene chimadabwitsa ambiri. Samusa kapena nkhuku yopaka fulawa ikakazingidwa, tinyenyeswa timatsalira m'mafuta n'kumamatira pa chilichonse cholowamo pambuyo pake. Kusefa mafutawo sikuchotsa zonse. Ngati khitchini ilibe chiwaya chachiwiri, tchipisi cha mlendoyu chikazingidwe mu poto wotsuka bwino ndi mafuta atsopano, apo ayi apatsidwe mpunga kapena nsima. Mpunga nawo uli ndi msampha wake: ngati unakhetsedwa mu sefa imene inakhetsa sipageti, kapena kuvundulidwa ndi chipande chomwecho, watenga kale guluteni.

Wophika waluso sasowa chochita. Atenga chambo china chosapaka kanthu, achithira mchere ndi mandimu, n'kuchikazinga mu poto woyera kapena kuchiwotcha pa waya wotsukidwa. Akafuna kuti kunja kuume bwino, ufa woyera wa chimanga kapena wa chinangwa umagwira ntchito yomwe ija ya fulawa, bola utengedwe ndi supuni youma yoyera osati imene inali m'thumba la fulawa. Msuzi aphika watsopano wa tomato ndi anyezi, umene umakhuthala wokha ukapsa, ndipo sutenga mphindi khumi. Asanayambe zonsezi asambe m'manja, apukute tebulo ndi nsalu yoyera, atenge thabwa lodulirapo limene silinadulirepo buledi. Ngati wina akukanda fulawa wa masikono a m'mawa pafupi, mbaleyi ikonzedwere kutali naye, chifukwa fulawa amauluka.

Tsopano weta abwerera ku tebulo, ndipo ulendo wachiwiriwu ndi umene ambiri amaudumpha. Auza mayi uja mmene zilili: chambo chitheka, chokazinga pachokha popanda fulawa, tchipisi cha m'chiwaya ayi, koma pali mpunga wa Kilombero wophikidwa mu mphika wakewake, msuzi ukhala wa tomato, ndipo zitenga nthawi yotalikirapo kuposa za anzake. Awonjezeranso choona china, chakuti m'khitchinimo mumagwiritsidwa ntchito fulawa, choncho achita zonse zotheka koma si khitchini yopanda tirigu. Mayiyo ndi amene akudziwa thupi lake, asankhe yekha.

Apa m'pamene khalidwe lathu labwino limatipusitsa. Timakula tikuphunzitsidwa kusakaniza mlendo, ndiye pakamwa pamafulumira kunena kuti "palibe vuto, zitheka." Weta wachinyamata amaopanso kufunsa mafunso ambiri kwa shefu wamkulu msinkhu, kuopa kuoneka ngati akumuphunzitsa ntchito. Eni maloji ayenera kulimasula poyera dzanja la weta pa nkhani imeneyi, kuti kufunsa wophika za m'mphika ndi gawo la ntchito yake. Alendo ochokera ku Ulaya amafunsa ali ndi chiyembekezo choti ayankhidwa mwatsatanetsatane, popeza kwawoko kuyambira mu Disembala 2014 lamulo limakakamiza ogulitsa zakudya kuulula ngati muli china mwa zinthu 14 zodziwika kuti zimadwalitsa ena, kuphatikizapo tirigu, mtedza, mkaka, mazira ndi nsomba. Akamva kuti "palibe vuto," amakhulupirira kuti wina wafufuza.

Choipa china n'chakuti khitchini siidziwa kuti yalakwitsa. Wa siliyaki sagwa pansi patebulo. Kupweteka kumayamba patapita maola angapo, mwina mawa lake, ndipo ena samva kalikonse ngakhale matumbo akuwonongeka. Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Pamene mimba ikuyamba kuvuta amakhala ali m'galimoto yopita ku Liwonde, akuganiza kuti ndi madzi amene anamwa. Loji imapitiriza kukazinga tchipisi m'mafuta a samusa ikukhulupirira kuti palibe amene anadandaulapo.

Halali si kuchotsa nkhumba kokha

Halali sitiyenera kuiona ngati yachilendo. Kalembera wa 2018 anapeza kuti Asilamu ndi pafupifupi 14 pa anthu 100 alionse m'Malawi, ndipo ku Mangochi ndi ku Machinga ndiwo ambiri. M'makhitchini a kumeneko kawirikawiri mumakhala Msilamu amene akudziwa malamulowa kuposa bwana wake. Komabe uthenga wofika ku mphika nthawi zambiri umakhala waufupi: "sadya nkhumba." N'zoona, koma ndi gawo chabe.

Lamuloli limaletsa nkhumba ndi zonse zochokera kwa iyo, magazi, nyama yofa yokha, ndi mowa. Ng'ombe, mbuzi kapena nkhuku imakhala ya halali ikazingidwa moyenera: kudulidwa pakhosi ndi mpeni wakuthwa, dzina la Mulungu litatchulidwa, magazi n'kukhetsedwa. Ndiye funso la kukhitchini silakuti "kodi iyi ndi nyama yanji," koma "inachokera kuti, anazinga ndani." Nkhuku ya m'paketi yokhala ndi chizindikiro cha halali ndi yosavuta, paketiyo ikhoza kuonetsedwa kwa mlendo. Bungwe la Muslim Association of Malawi lili ndi nthambi yoona za halali imene imapereka ziphaso kwa ogulitsa nyama ndi malo odyera, ndipo loji yogula kwa wogulitsa wotere isunge umboni wake pafupi. Koma nkhuku ya lokolo yogulidwa yamoyo pamsika, kapena mbuzi yophedwa kuseri kwa khitchini, zimadalira amene anagwira mpeni. Ngati palibe akudziwa, yankho kwa mlendo likhale lakuti sitikudziwa, ndipo apatsidwe china.

Chinacho kunyanja kuno sichisowa. Nsomba siifuna kuzingidwa, ndipo chambo, pokhala ndi mamba, Asilamu a miyambo yonse amadya. Pa nsomba zopanda mamba monga mlamba ndi kampango ndi bwino kufunsa, chifukwa ambiri amadya koma a Shia sadya. Apa weta asasokoneze Msilamu ndi wa mpingo wa Seventh-day Adventist, amene nayenso sadya nkhumba ndi nsomba zopanda mamba koma safunsa za amene anazinga nkhuku.

Zobisika za halali zili pawiri. Poyamba ndi chitsulo chokazingira cha m'mawa, pamene bekoni, soseji ndi mazira zimapsa moyandikana, mafuta akuyenda uku ndi uku. Dzira lokazingidwa pamenepo silili la halali, ngakhale m'mbale musaoneke bekoni. Lifunika poto wake, wotsukidwa, ndi chotembenuzira chake. Kachiwiri ndi mowa wa m'zophika. Ashefu ophunzira maphikidwe a ku Ulaya amathira vinyo mu msuzi wa nyama, mowa mu phala lokutira nsomba, kapena burande mu pudini, n'kumati umauluka pamoto. Suuluka wonse. Kafukufuku wa ku America anapeza kuti msuzi ukawira pang'onopang'ono kwa mphindi 15, pafupifupi magawo 40 pa 100 a mowawo amatsalamo, ndipo ngakhale patapita maola awiri ndi theka pamatsalabe magawo 5. Jeli ndi maswiti ena otamuka amapangidwa ndi jelatini, amene amachokera ku zikopa ndi mafupa a nyama, kawirikawiri nkhumba.

Anthu amasiyana pa kukhwimitsa kwake. Wina amangopewa nkhumba ndi mowa, wina amafuna kuona chiphaso, wina safuna chakudya chokhudzana ndi ziwiya zimene zinagwirapo nkhumba. Weta asaweruze poona chovala kapena dzina. Afunse kuti, "Bambo, kodi nkhuku ya m'paketi yokhala ndi chizindikiro ikukwanirani, kapena tikukonzereni nsomba?" Yankho la funso limeneli ndilo lipite kukhitchini.

Wosadya chilichonse cha nyama

Vigani ndi munthu amene sadya chilichonse chochokera ku chamoyo choyenda, chouluka kapena chosambira: nyama, nsomba, mazira, mkaka ndi zopangidwa kuchokera ku mkaka, ndipo ambiri sadyanso uchi. Gulu lawo linayamba ku England mu 1944, pamene Donald Watson ndi anzake anapatukana ndi osadya nyama amene amamwa mkaka ndi kudya mazira. Weta akati "sadya nyama," wophika wathu amamva ng'ombe, mbuzi ndi nkhumba, popeza pa menyu zathu nkhuku ndi nsomba zimatchulidwa pazokha. Zikatero mlendo amalandira usipa, kapena dzira lokazinga loperekedwa ndi mtima wabwino kuti mbale isaoneke yosauka.

Njira yake ndi kutchula chimodzichimodzi: nyama ayi, nkhuku ayi, nsomba ayi ngakhale matemba a mu ndiwo zamasamba, mazira, mkaka, batala, tchizi, mayonezi, uchi, zonse ayi. Kenako kufunsa za m'mphika. Kodi nyemba zinaphikidwa ndi fupa? Mpunga munathira batala? Supu wa masamba anayambira pa msuzi wa nkhuku? Majarini amanamiza, chifukwa amapangidwa ndi mafuta a zomera koma ambiri amathiramo za mkaka, ndiye nayenso paketi yake iwerengedwe.

Ine ndimaona kuti ophika amavutika ndi mlendo wotere chifukwa amauzidwa zochotsa zokhazokha, mpaka mbale imatsala ndi kabichi wowiritsa. Weta akanati, "A shefu, muwaphikire ngati kumudzi: nsima, nyemba za tomato ndi anyezi m'mafuta ophikira, ndi nkhwani wotendera," wophikayo akanamwetulira, chifukwa ndi chakudya chimene amachidziwa kuyambira ali mwana, ndipo mulibe chilichonse choletsedwa. Pa nsinjiro pokha pafunika kufunsa kaye. Pali anthu amene mtedza umawatupitsa pakhosi m'mphindi zochepa mpaka kulephera kupuma, ndipo amenewa akhoza kufa asanafike kuchipatala. Kwathu nsinjiro timathira m'masamba, m'phala ndi mu futali osaganizako n'komwe, ndipo pa menyu sizilembedwa. Alendo ena ochokera ku India amamwa mkaka koma sadya mazira, ndipo a chipembedzo cha Jain sadyanso anyezi, adyo ndi mbatatesi. Choncho mawu akuti wosadya nyama asatengedwe ngati ali ndi tanthauzo limodzi.

Kapepala ka oda ndi mawa lake

Zolankhulidwa pakamwa zimatayika m'khitchini yotanganidwa, ndiye zilembedwenso pa kapepala ka oda, pafupi ndi mbale yeniyeniyo osati pansi pa pepala. Kulemba chidule cha zilembo ziwiri za Chingerezi sikuthandiza ngati wothandizira kukhitchini amene amaika zakudya m'mbale sakuzidziwa. Kulemba kuti "tebulo 4, chambo, MATENDA: tirigu ayi, poto woyera, mafuta atsopano" kumamveka kwa aliyense. Mbale ikapsa iikidwe chizindikiro, kaya ndi mbale ya mtundu wina kapena kamtengo kobaya pamwamba, ndipo weta yemweyo amene analandira oda ainyamule payokha. Zambo zinayi zofanana zikakwera pa thireyi imodzi, palibe angasiyanitse chopaka fulawa ndi chosapaka.

Zimachitika kuti mbale yatuluka ili ndi kagawo ka buledi pambali, kapena wothandizira wathira msuzi wa onse mwachizolowezi. Kuchotsa buledi uja n'kubweza mbale yomweyo ndi kunamiza mlendo, chifukwa nyenyeswa zatsala. Chimodzimodzi kutola tizidutswa ta bekoni mu saladi ya Msilamu kapena kupala tchizi pa chakudya cha vigani. Mbaleyo iphikidwenso kuyambira pachiyambi, ndipo ngati mlendo wadyako kale, auzidwe nthawi yomweyo chimene chinalimo. Wa mtedza uja akayamba kutupa milomo kapena kubanika, ambiri otere amayenda ndi jakisoni wawo wa adirenalini wobaya pantchafu. Athandizidwe kumubaya msanga, kenako athamangitsidwe kuchipatala ngakhale aoneke kuti wapeza bwino, chifukwa vutolo limatha kubwereranso.

Mlendo wogona masiku atatu amadya kasanu ndi kamodzi kapena kuposa, ndipo weta wa madzulo si amene amagwira m'mawa. Zonse zimene zinamveka bwino pa chambo zija zikhoza kuwonongeka pa kadzutsa, pamene wophika wina wawotcha buledi wapadera amene mayi uja anabwera naye m'chowotchera cha onse, kapena pa bufe supuni ya makaroni yasamukira mu mpunga. N'chifukwa chake dzina la chipinda, zimene mlendo sadya ndi zimene amadya zilembedwe pa bolodi la m'khitchini kuyambira tsiku lofika, ndipo poyamba shifiti iliyonse wina aziwerenge mokweza. Pa bufe, mbale ya mlendo wotere ipakulidwe m'khitchini anthu ena asanayambe kutenga, buledi wake awotchedwe pa poto woyera, ndipo batala ndi jamu wake zikhale zosatsegula, chifukwa m'botolo la onse mumalowa mipeni yochokera pa buledi.